Nkhope ya agogo pa tisheti: fyuluta, difyushoni kapena kukopera pamanja?

Pali njira zitatu zosandutsira chithunzi cha munthu kukhala chojambula. Mutha kuchithira fyuluta ya katuni, mutha kuchipereka ku difyushoni, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, kuti ichijambulenso, kapena mutha kukhala pansi n'kukopera nkhopeyo pamanja. Anthu ambiri amasankha poona chomwe chakongola pa foni, ndipo m'pomwe ndalama zimatayikira. Chofunika kuyamba kudziwa n'chakuti chojambulacho chikasindikizidwa pa chiyani, ndiponso ngati ochiona ndi anthu amene amamudziwa mwini nkhopeyo.

Tiyerekeze ndi ntchito imene imabwera kawirikawiri kwa Amalawi okhala kuno ku Joni. Banja lina la ku Rosettenville likukonzekera mwambo wa chiliza cha agogo aakazi kumudzi, ndipo likufuna matisheti 40 akuda okhala ndi nkhope ya malemuwo pachifuwa, mulifupi masentimita 25. Matishetiwo asindikizidwa kuno n'kutumizidwa pa basi. Chithunzi chilipo chimodzi chokha, chapaukwati, agogowo ataima pakati pa adzukulu atamanga duku. Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo komanso mphini ziwiri patsaya lakumanzere. Aliyense wodzavala tishetiyo anawadziwa maso ndi maso.

Yambani ndi kuwerenga mapikiselo

Chithunzicho chabwera pa WhatsApp, choncho chafinyidwa kale, chafika chili 1200 mulifupi ndi 1600 mulitali. Mukadula mutu ndi duku zokha mutsala ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 400 mulifupi. Masentimita 25 ndi mainchesi osakwana pang'ono 10, ndiye kuti inchesi iliyonse ipeza mapikiselo 40 okha. Osindikiza amafuna 300 pa inchesi, ndipo pansalu 150 imapiririka, zomwe zikutanthauza mapikiselo pafupifupi 1,500 mulifupi. Ife tili ndi 400.

Musanachite china chilichonse, pemphani amene ali ndi chithunzi choyambirira achitumizenso posankha `Document` m'malo mochitumiza ngati chithunzi wamba, chifukwa chikatero sichifinyidwa. Ngati chili papepala kumudzi, achijambule panja pamthunzi, foni italunjika bwino, popanda fulashi. Nthawi zambiri zimenezi zimathandiza kuposa pulogalamu iliyonse. Koma tinene kuti foni imene inajambula inatayika kalekale ndipo 400 yomweyo ndiyo tili nayo.

Fyuluta ya katuni

Fyuluta yakale, ngati `Filters > Artistic > Cartoon` ya mu GIMP kapena `Cutout` ndi `Poster Edges` za mu Photoshop, siidziwa kuti ikuyang'ana nkhope. Imachita zinthu ziwiri basi: imachepetsa mitundu kuti itsale yochepa, ndipo imadetsa malo amene kuwala kwasintha mwadzidzidzi kuti paoneke ngati mzere. Ubwino wake uli pomwepo. Siisuntha diso, siichepetsa mphuno, siiwonjezera chimene panalibe. Munthuyo amakhala yemweyo.

Vuto lake limaoneka msanga pakhungu lakuda. Kuwala kwa pikiselo kumayezedwa kuyambira 0 mpaka 255. Mukasankha `Colors > Posterize` mu GIMP n'kuika 4, pikiselo iliyonse imakankhidwira ku 0, 85, 170 kapena 255, potengera chomwe yayandikira. Nkhope ya agogo athu, yojambulidwa masana duku loyera lili pamutu, mwina yonse yagwera pakati pa 45 ndi 115. Manambala onsewa ayandikira 85. Zotsatira zake nkhope yonse imasanduka chigamba chimodzi chopanda mphuno, kungotsala maso ndi mano zikuyera, pamene duku latuluka bwinobwino ndi makwinya ake onse.

Mankhwala ake ndi kutambasula kuwala kwa nkhope musanathire fyuluta. Sankhani nkhope yokha, chotsani mitundu ndi `Colors > Desaturate`, kenako tsegulani `Colors > Levels` n'kukokera kachizindikiro kakuda pafupi ndi 40, koyera pafupi ndi 120. Tsopano chipumi, masaya ndi kunsi kwa chibwano zagawikana m'magawo osiyana. Mukatero salazani pang'ono ndi `Filters > Blur > Selective Gaussian Blur`, apo ayi timabokosi timene kufinya kwa WhatsApp kunasiya tidzatengedwa ngati mizere, ndipo masaya adzaoneka ngati ali ndi nthomba. Musalaze mopitirira, chifukwa mphini zija ndizo zimayamba kufufutika.

Ngakhale mutachita zonsezi, chotuluka chikadali cha mapikiselo 400. Pa WhatsApp kapena pakona ya pepala la ndondomeko ya mwambo, masentimita atatu kapena anayi, chikwanira ndipo mwatha m'mphindi khumi. Pa masentimita 25 m'mphepete mwake mudzaoneka manomano ngati a sowo.

Chenjezo limodzi: mapulogalamu ambiri a pa foni amene amadzitcha fyuluta ya katuni masiku ano sali a mtundu umenewu. Amajambulanso nkhope, kukulitsa maso, kusongola chibwano, ndipo ambiri amatumiza chithunzicho ku makompyuta awo akutali. Mungawazindikire poika chotulukacho pamwamba pa choyambirira: ngati maso ndi pakamwa sizikugwera pamodzi, ndiye kuti zimene tikunena m'munsimu za difyushoni zikuwakhudza, kungoti alibe makonono oti muwongolere.

Difyushoni: yokongola, koma ndi agogo omwewo?

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa njira imeneyi ndiyo imanyenga maso. Stable Diffusion inatuluka mu 2022, ndipo anthu amaiyendetsa ndi mapulogalamu ngati AUTOMATIC1111 ndi ComfyUI. Mbali imene tikufuna imalembedwa `img2img`. Imatenga chithunzi chanu, kuchithira phokoso la timadontho mpaka mlingo umene mwasankha, kenako n'kuchotsa phokosolo pang'onopang'ono ikutsatira mawu amene mwalemba. Chimene phokoso lafufuta, iyo imachibwezeretsa mongoganizira, potengera nkhope zambirimbiri zimene inaphunzirapo. Agogo anu sinawaonepo.

Mlingo wa phokosowo ndiwo `Denoising strength`, kuyambira 0 mpaka 1. Mu AUTOMATIC1111 umayambira pa 0.75, womwe ndi waukulu kwambiri pa ntchito ya nkhope. Cha m'ma 0.25 munthu amakhala yemweyo koma chithunzi chimangooneka ngati chosalazidwa, osati chojambula. Pakati pa 0.35 ndi 0.5 m'pomwe maonekedwe a chojambula amayamba kubwera nkhope ikadazindikirika. Kupitirira 0.6 mumapeza mayi wokongola wovala duku amene palibe wam'banjamo akumudziwa. Kuvuta kwake n'kwakuti konono lomwelo ndi limene likubweretsa kukongola n'kuchotsanso kufanana, ndiye simungapeze zonse ziwiri pongolipotokola.

Chachiwiri chimene ambiri sachidziwa ndi kukula kwa nkhope m'chithunzi chimene mwalowetsa. Difyushoni siigwira ntchito pa mapikiselo enieni. Imayamba yachepetsa chithunzi kasanu n'katatu mbali iliyonse, moti cha 512 ndi 512 chimasanduka timagawo 64 ndi 64. Mukalowetsa chithunzi chonse chapaukwati chija chitachepetsedwa kufika 512 mulifupi, diso la agogo limene linali mapikiselo pafupifupi 32 litsala 14, kutanthauza timagawo tosakwana tiwiri. M'timagawo tiwiri simungakwane chikope, mboni ndi khwinya, ndiye makinawo amangopeka diso lawolawo. Dulani kaye mutu ndi duku, mukulitse kufika 768 mulifupi, ndipo diso lomwelo lipeza timagawo pafupifupi 8. Mitundu ya Stable Diffusion 1.5 inaphunzitsidwa pa 512, pamene SDXL ya 2023 inaphunzitsidwa pa 1024, choncho musapite kutali kwambiri ndi manambala amenewa, apo ayi mutha kuona mitu iwiri kapena khosi lotalika.

Chothandiza kwambiri kusunga nkhope ndi ControlNet, imene inabwera mu 2023. Mumaipatsa mizere ya chithunzi choyambirira, posankha `Canny` kapena `Lineart`, ndipo imakakamiza chojambula chatsopano kudutsa m'mizere yomweyo. Ikakhalapo mutha kukweza phokoso kufika 0.55 kapena 0.6 chibwano ndi mphuno zili m'malo mwake. Koma yang'anani kaye mizere imene yatulutsa. Pankhope yakuda yosatambasulidwa kuwala, `Canny` imagwira duku ndi mkanda n'kuphonya mphuno, ndiye ntchito ya `Levels` ija ikufunikanso pano.

Mawu olemba akhale ofotokoza chimene chilipo, kuphatikizapo msinkhu ndi khungu. Mzere womaliza m'munsimu ndi wa makonono, osati mawu olemba:

```
flat ink illustration, elderly Malawian woman, dark brown skin,
broad nose, headwrap, gap between front teeth, plain background
Steps: 30, CFG scale: 6, Denoising strength: 0.45, Seed: 1234
```

Mukasiya kutchula zimenezi, mitundu yambiri ya difyushoni, makamaka yophunzitsidwa pa zojambula za katuni, imakokera khungu koyererako, imachepetsa mphuno ndi milomo, n'kuchotsa zaka makumi awiri pankhope. Ikani `Seed`, yomwe imasankha phokoso loyambira, pa nambala imodzi osasintha, n'kumasintha phokoso lokha, 0.35, 0.45, 0.55, kuti mudziwe chimene chabweretsa kusiyana. `X/Y/Z plot` imachita zimenezi pakamodzi. Ndipo zimitsani `Restore faces`: imakonza nkhope poipatsa maso ndi mano a munthu wamba, ndiye mpata wa mano uja ndiwo umayamba kutsekedwa.

Mphini n'zovuta kwambiri. Makinawo amaziona ngati zipsera za chithunzi chowonongeka n'kuzisalaza, ndipo mukazitchula m'mawu amazijambula zazikulu, pamalo ena. N'chimodzimodzi zilembo zapachitenje ndi baji ya Mvano kapena ya chigwirizano cha amayi: zimatuluka ngati zilembo koma zosawerengeka. Zimenezi muzibwezeretse nokha pamanja pomaliza.

Poyesa ngati nkhope yasungika, musadalire maso anu, chifukwa mukayang'ana zithunzi makumi atatu zotsatizana mumazolowera nkhope yatsopanoyo. Ikani chotulukacho ngati leya pamwamba pa choyambirira, `Opacity` pa 50, muone ngati ngodya za maso, mapiko a mphuno ndi ngodya za milomo zagwera pamodzi. Kenako tumizani kwa mwana wawo wamkulu wa malemuwo popanda kunena kalikonse. Akayankha kuti "Chakongola, koma amayi sanali chonchi," ntchitoyo yalephera ngakhale ikongole bwanji. Pa chikwangwani cha saluni ku Yeoville, pamene nkhopeyo ikungoimira kasitomala aliyense, kusafanana sikupweteka munthu ndipo difyushoni ndiyo yachangu. Pa chiliza n'kosiyana.

Pali zinanso ziwiri zoti muziganizire. Kuyendetsa difyushoni pa kompyuta yanu kumafuna khadi la zithunzi lokhala ndi magigabaiti 4 mpaka 6 pa 1.5, ndi pafupifupi 8 pa SDXL, zomwe malaputopu ambiri a muofesi alibe. Mukagwiritsa ntchito ya pa intaneti, mukupereka nkhope ya munthu kwa kampani ina. Ngati mukuchita izi monga bizinesi, kumbukirani kuti lamulo la ku South Africa la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limateteza zokhudza anthu amoyo ndipo limakhwimitsa kwambiri pa ana. Adzukulu aja ali m'chithunzicho, chomwe ndi chifukwa chinanso chodulira mutu wokha musanatumize kulikonse.

Kukopera pamanja

Njira imeneyi imadya nthawi, maola awiri mpaka anayi kwa munthu wozolowera, tsiku lonse kwa woyamba kumene. Koma ndiyo yokhayo imene kuchepa kwa mapikiselo sikuipweteka kwenikweni, chifukwa diso la munthu limatha kuona pamene chikope chathera ngakhale chithunzi chili mbuu, ndipo chotuluka ndi vekitala, mizere yosungidwa ngati masamu, imene mungaikulitse kufika pa chikwangwani osaphwanyika.

Mu Inkscape, yomwe ndi yaulere, lowetsani chithunzi chotambasulidwa kuwala chija, muchikulitse kufika masentimita 25 enieniwo, muchepetse `Opacity` kufika 60 n'kutseka leya yake kuti isasunthe. Kugwira ntchito pa kukula kwenikweni n'kofunika, chifukwa mukatero mumadziwa kuti mzere uliwonse udzakhala wonenepa bwanji pansalu. Pambali ikani chija cha `Posterize` ngati mapu okuuzani pamene mthunzi wayambira. Fyuluta apa yapeza ntchito yake yabwino.

Tsopano ganizirani za tisheti yakuda. Nsaluyo ndiyo mthunzi wanu, ndipo inki ndiyo kuwala. Cholakwa chimene chimaoneka kawirikawiri ndi kujambula mizere yakuda papepala loyera, kenako n'kuuza wosindikiza kuti aisindikize ndi inki yoyera. Nsidze, mboni ndi mphuno zimatuluka zoyera, nkhope n'kuoneka ngati negetivu ya filimu yakale, yoopsa. Choncho ikani bokosi lakuda pansi pa zonse kuyambira pachiyambi, ndipo mujambule malo owala: leya imodzi ya bulawuni wapakati yophimba nkhope kupatula mithunzi yakuya, ina ya bulawuni wowala pachipumi, pamsana pa mphuno, pamasaya ndi pamlomo wam'munsi, ndi ina yoyera ya duku, maso ndi mano. Yakwana mitundu itatu.

Jambulani ndi cholembera cha `B`, mukonze ndi `N`. Ikani mfundo zochepa, pokhotera penipeni pokha. Tsaya lonse lingakwane ndi mfundo zinayi kapena zisanu, ndipo mukaika makumi awiri mzere umanjenjemera. Yambani ndi maso, chifukwa kufanana kwa munthu kumakhala pa mtunda wa pakati pa maso, kugwa kwa zikope, kutambalala kwa mphuno ndi ngodya za pakamwa. Mukalakwitsa pamenepa ndi milimita imodzi yokha achibale aona, pamene duku mutha kulisintha momwe mungafunire palibe adandaule.

Luso lenileni lili posankha chosiya. Makwinya musawakopere onse, chifukwa khwinya limene pachithunzi ndi mthunzi wofewa likasanduka mzere wakuthwa limakalambitsa munthu kuposa mmene analili. Tengani awiri otsika kuchokera pamphuno ndi awiri kapena atatu pangodya ya diso. Mano musawazungulize limodzilimodzi. Jambulani chigamba chimodzi choyera, n'kudulapo mpata uja wokha. Choyera cha m'maso chikhale chaching'ono kuposa mmene dzanja likufunira, apo ayi agogo aoneka odzidzimuka. Mphini zikhale timipata tiwiri m'leya ya bulawuni, pamalo pake penipeni. Mukamaliza tembenuzani chojambulacho ndi `H` kuti kumanja kupite kumanzere: diso lopendekeka limene simunalione limaonekera pompo. Musaiwale kuchibweza, mphini zingasamukire tsaya lina.

Amene dzanja lake lazolowera pensulo kuposa mausi angathe kusindikiza chithunzicho pa A4, kuchimata pawindo masana, kuika pepala lopyapyala pamwamba n'kudetsa ndi maka yakuda. Mtundu uliwonse ukhale papepala lakelake, ndi timitanda tiwiri m'ngodya toti mudzalumikizire. Sikanani pa mapikiselo 600 pa inchesi, kenako `Path > Trace Bitmap` isandutse kukhala vekitala. Chida chimenechi chimagwira bwino pa inki yakuda papepala loyera. Mukachipatsa chithunzi chenichenicho, kapena chotuluka mu difyushoni chokhala ndi mithunzi yosalala, chimabala mfundo zikwizikwi ndi tizidutswa tosawerengeka.

Funsani wosindikiza musanasankhe

M'mashopu osindikiza a m'tauni ndi ku Fordsburg mupeza njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chomwe imalandira. Kusindikiza kwa sikirini kumafuna sikirini imodzi pa mtundu uliwonse, ndipo mumalipira kukonza iliyonse, choncho mitundu itatu yosalala ya vekitala ndiyo yoyenera. Pa matisheti 40 mtengo wokonzerawo umagawika bwino. Mzere kapena mpata usachepere theka la milimita, chifukwa inki imafalikira pang'ono n'kutseka mphini zija. Pansalu yakuda wosindikiza angafune kuyamba ndi inki yoyera pansi kuti bulawuni aoneke, ndiye mufunse ngati imeneyo ikuwerengedwa ngati sikirini yachinayi.

Vinilo yodula ndi makina imafuna vekitala basi, ndipo tizidutswa tosafunika amatichotsa ndi dzanja, kotero chilichonse chochepera milimita imodzi chimathothoka. Nkhope ya mitundu itatu pa matisheti 40 ndi chintchito chosayenera vinilo.

DTF, yosindikiza pafilimu n'kumata ndi kutentha, imalandira mitundu yonse, ndipo apa chojambula cha difyushoni chingalowe. Chikulitseni kufika mapikiselo pafupifupi 2,950 mulifupi kuti chikwane 300 pa inchesi, ndipo muchipereke ngati PNG yopanda chakumbuyo. M'mphepete mukhale mwakuthwa. Makinawa amaika inki yoyera kumbuyo kwa chilichonse, ndiye m'mphepete mozilala pang'onopang'ono mumatuluka mkombero wotuwa kuzungulira mutu. Sabulimeshoni iiwaleni pa ntchito iyi: imagwira pa poliyesitala yoyera kapena yowala, pa tisheti yakuda siioneka.

Pa agogo athuwa, ife tingakopere nkhope pamanja, fyuluta ikhale mapu a mithunzi. Ngati banja likufuna maluwa kapena kuwala kumbuyo ndipo lasankha DTF, difyushoni ipange zakumbuyozo ndi duku kudzera mu `Inpaint`, nkhope itasiyidwa kunja kwa malo opakidwa kuti isakhudzidwe. Popereka fayilo, sandutsani dzina ndi zaka za malemu kukhala mizere ndi `Path > Object to Path` kuti zilembo zisasinthe pa kompyuta ya shopu, muchitenso `Path > Stroke to Path` pa mizere yonse, musunge ngati PDF, ndipo mulembe pa oda kuti mulifupi ndi masentimita 25. Pemphani tisheti imodzi yoyesera, muijambule munthu ataivala ataima mamita awiri, mutumize kumudzi, ndipo 39 otsalawo adikire yankho la akuluakulu a banja.